Ndalama zanga zimathera kuti? Mmene mungapezere pamene thumba likudonthera

*Ndine mayi wa ana awiri, ndili pantchito ya malipiro apamwezi. Sindigula zinthu zikuluzikulu, koma mwezi usanathe ndimapezeka ndilibe kalikonse. Ndayesapo kawiri kulemba zonse zimene ndagula, koma pakapita masiku anayi kapena asanu ndimasiya, chifukwa ndikayang'ana kopelo ndimachita manyazi ngati ndine munthu wosasamala. Ndingadziwe bwanji kumene ndalama zanga zikupita popanda kumadzizenga mlandu usiku uliwonse?*

Mayi, kope limene munasiya kawiri lija linali ndi vuto limodzi lalikulu: linkangodalira kukumbukira kwanu ndi kulimba mtima kwanu. Zinthu ziwirizi zimatha msanga. Munthu akatopa amaiwala, akachita manyazi amadumpha mzere, ndipo kopelo silingathe kumuuza kuti pano pasowa kanthu. Njira imene ndimaphunzitsa anthu imayambira mbali ina. Timayamba tawerenga ndalama zimene zilipo, kulemba zogula kumabwera pambuyo.

Sankhani tsiku loyambira, ndipo m'mawa wa tsikulo werengani ndalama zonse zimene muli nazo paliponse pamene mumasunga: za m'chikwama mpaka chenji chomwe, za mufoni, za kubanki. Lembani nambala zitatuzo ndi kuziphatikiza. Pakatha masiku 14 muchitenso chimodzimodzi, pa nthawi yomweyo ya tsiku. Mukatenga zimene munayamba nazo, n'kuwonjezera zonse zimene zalowa m'masiku amenewo, kenako n'kuchotsa zimene zatsala, nambala imene mupeze ndiyo ndalama zimene zatuluka m'manja mwanu. Nambala imeneyi siifunsa kuti mwakumbukira kapena ayi. Ngakhale musalembe kalikonse kwa masiku atatu, imatulukabe yoona. Kope limabwera kudzafotokoza nambalayi. Likafotokoza gawo lalikulu, zili bwino. Chotsalacho timachipatsa mzere wakewake wotchedwa "zosadziwika", ndipo kumeneko n'kumene timayambira kufufuza.

Chifukwa chiyani masiku 14? Sabata imodzi ndi yochepa, chifukwa munthu akangoyamba kulemba amasintha khalidwe. Dzanja limene linkapita m'chikwama mosaganiza limayamba kuzengereza, popeza akudziwa kuti madzulo alemba. Mukayeza sabata yoyamba yokha, mupeza chithunzi cha munthu wodziletsa amene simuli tsiku ndi tsiku. Mwezi wathunthu nawo ndi wautali kwa munthu woyamba kumene. Mabungwe aboma owerengera mmene mabanja amagwiritsira ntchito ndalama, monga a ku Britain ndi ku America, amapatsa anthu kope la masabata awiri, ndipo akatswiri a kafukufuku wotere amadziwa zinthu ziwiri: anthu amalemba zambiri masiku oyamba n'kumachepetsa pamene akutopa, komanso zinthu zochititsa manyazi monga mowa ndi fodya amazilemba zochepa kuposa zimene zimagulitsidwa. Choncho zimene zinakuchitikirani pa tsiku lachisanu zimachitikira ngakhale anthu amene akuyang'aniridwa ndi akatswiri. Ndi mmene chida chimenechi chilili.

Kalembedwe kakhale kachidule kwambiri. Mzere uliwonse ukhale ndi tsiku, chinthu, mtengo, ndi mawu amodzi kapena awiri onena kumene munali kapena chimene chinkachitika, monga "ndachedwa", "podikira", "ndi anzanga", "ndatopa". Mawu omalizawa ambiri amawanyoza, komatu ndi amene adzakuthandizeni kuposa mtengo. Musaike mzere wa "zofunika" ndi "zosafunika". Mukangouika, kope lasanduka bwalo la milandu, inu woweruza, inu yemwenso woimbidwa mlandu, ndipo woimbidwa mlandu aliyense amabisa umboni. Musaphatikizenso manambala madzulo aliwonse. Lembani pomwepo mukangolipira, m'kapepala kapena mufoni, mutseke, muiwale. Kuphatikiza n'kwa tsiku la 14. Ndipo m'masiku amenewa musadziletse kalikonse. Gulani zimene mumagula nthawi zonse. Wodwala amene wamwa mankhwala oziziritsa thupi asanakapimidwe kutentha amangosokoneza dokotala.

Ndikupatseni chitsanzo cha bambo wina amene ndinakhala naye pansi ndi kope lake. Kuti manambala asavute, titenge malipiro ake a pamwezi ngati 1,000, ndipo zina zonse tiziyerekeza ndi nambala imeneyo. Dandaulo lake linali lakuti mwezi uliwonse amaperewera pafupifupi 150, n'kumakongola.

Tsiku loyamba, atalipira kale lendi, anali ndi 40 m'thumba, 60 mufoni ndi 700 kubanki, zonse pamodzi 800. Pakati pa masikuwo mnzake anamubwezera ngongole ya 20. Tsiku la 14 anapezeka ndi 15 m'thumba, 25 mufoni ndi 380 kubanki, zonse 420. Ndiye kuti 800 kuwonjezera 20 kuchotsa 420, zinatuluka ndi 400. M'kope mwake munali 352. Zosadziwika zinali 48, kutanthauza 12 pa 100 iliyonse imene inatuluka.

Iye ataona 48 ija anayamba kudziimba mlandu, akuti mwina ndi tinthu timene amagula panjira n'kuiwala. Ndinamuuza kuti tisaganizire, titsegule mameseji a mufoni ndi sitetimenti ya kubanki. Tinapeza kuti anatapa ndalama maulendo 7, ndipo ulendo uliwonse ankamudula 2, zonse 14. Iye ankalemba ndalama imene wagulira chinthu, koma yodulidwayo sankaiona chifukwa siidutsa m'manja. Tinapezanso 9 imene inkachotsedwa yokha mwezi ndi mwezi kulipira pulogalamu ina ya mufoni imene anailembetsa pa nthawi yoyeserera kwaulere, n'kuiiwala. Kenako anakumbukira 10 imene anabwereketsa wachibale. Sanailembe chifukwa m'mutu mwake sinali "yogula". Zitatuzi zinakwana 33. Zinatsala 15 zimene sitinazipeze konse, ndipo tinazisiya choncho. Onani bwino: pa 48 imene ankadzitukwana nayo, 23 inachoka dzanja lake lisanagwire chikwama n'komwe.

Pa zosadziwika ndili ndi muyezo wanga umene ndaupeza pogwira ntchitoyi. Zikakhala pansi pa 5 pa 100 ya zonse zotuluka, zisiyeni, musataye usiku kufunafuna chenji. Za bambo uja zinatsika kufika pa 15 mwa 400, osakwana 4 pa 100. Zikapitirira 10 pa 100 ngakhale mutafufuza m'mameseji, pali mtundu wathunthu wa zogula umene simukuulemba, kapena pali wina amene amatapa m'chikwama chomwecho, kapena mwalakwitsa masamu. Kulakwitsa kofala n'kwa kusuntha ndalama. Mukatapa kubanki n'kuika m'thumba, kapena kuchotsa kubanki kuika mufoni, ndalamayo siinagwiritsidwe ntchito, yangosamuka. Ena amalemba kutapako ngati chogula, kenako n'kulembanso zinthu zimene agula ndi ndalama yomweyo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: za m'kope zimaposa zimene zatulukadi. Mukaona zotere, fufuzani zolembedwa kawiri, kapena ndalama imene inalowa koma simunailembe, kapena chinthu chimene munatenga pangongole ndipo simunalipirebe.

Tibwerere ku 352 ya m'kope. Mwa imeneyi, 250 inali ya zinthu zimene ankazidziwa kale, zofunika panyumba ndi ulendo wa kuntchito. Tinthu ting'onoting'ono tinakwana 102. Pano ndi pamene anthu ambiri amasochera, chifukwa maso amathamangira pa nambala yaikulu kwambiri pa tsambalo. Kwa iye yaikulu inali 12 imene ankawononga Loweruka lililonse pocheza ndi anzake, kawiri m'masiku 14, zonse 24. Ankaganiza kuti chigawenga ndi chimenechi. Koma titasanja mizere m'magulu n'kuwerenga kuti chilichonse chinabwera kangati, zinaoneka mwina. Bandulo ya intaneti ya tsiku limodzi, ya 3 yokha, anaigula maulendo 12, zonse 36. Kukwera galimoto yahayala pa mtunda umene amatha kuyenda pansi kapena kukwera basi, 5 ulendo umodzi, kunachitika maulendo 6, zonse 30, ndipo pambali pa mizere isanu mwa isanu ndi umodziyo panalembedwa "ndachedwa". Zina zosiyanasiyana zinali 12.

N'chifukwa chiyani 3 imabisala pamene 12 imaoneka? Katswiri wa zachuma Richard Thaler, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2017, anafotokoza kuti anthu amasunga ndalama m'timabokosi ta m'maganizo, ndipo sazitenga mofanana ngakhale ndalama ili yomweyo. Ndalama yaing'ono kwambiri nthawi zambiri siilowa m'bokosi lililonse; imagwera m'gulu la "aa, ndi kangachepe". Akatswiri enanso awiri, Drazen Prelec ndi George Loewenstein, analemba mu 1998 za ululu umene munthu amamva polipira, ndi mmene ululuwo umachepera kulipira kukatalikirana ndi kugwiritsa ntchito chinthucho. Kuwerenga ndalama zamapepala n'kuzipereka kumaluma pang'ono, ndipo cholumacho chimakumbukika. Kudina batani pafoni sikuluma. Ndalama yochotsedwa yokha usiku muli mtulo siiluma n'komwe. Denga likamadontha, pamene dontho likugwera si pamene pali bowo nthawi zonse. Madzi amayenda m'mtanda kaye. Pamene mtima wanu ukukutsutsani napo si pamene ndalama zambiri zikutulukira nthawi zonse.

Tsopano kuyeza moona mtima, kumene kuli mbali ziwiri. Anthu amadziwa kuti kuchepetsa nambala ndi bodza, koma saona kuti kuikulitsa nalonso ndi bodza, ndipo manyazi amachita zonse ziwiri.

Mbali yoyamba ndi kusandutsa masiku 14 kukhala mwezi. Ambiri amangochulukitsa ndi 2, koma mwezi si masiku 28. Chulukitsani ndi 30 n'kugawa ndi 14, zomwe zili ngati kuchulukitsa ndi 2.14. Ngati munayeza pa sabata, mwezi uli ndi masabata pafupifupi 4.3, osati 4. Motero bandulo ija ya 36 inakhala 77 pamwezi, maulendo a galimoto 30 anakhala 64, zodulidwa potapa 14 zinakhala 30. Koma 9 ya pulogalamu ija siichulukitsidwa, chifukwa imachoka kamodzi pamwezi. Inangopezeka kuti yagwera m'masiku amene tinkayeza. Dziwaninso kuti theka la mwezi loyandikana ndi tsiku lolandira silifanana ndi theka lomaliza. Ngati mwayeza loyamba, manambala anu apamwezi akhala okwererapo. Mukatha kupirira, yezaninso theka linalo mwezi wotsatira.

Mbali yachiwiri ndi imene ndimakangana nayo ndi alangizi anzanga. Pali chizolowezi chotenga kandalama katsiku, kukachulukitsa ndi 365, kenako ndi zaka 10, n'kumuonetsa munthu chinambala choopsa kuti "taonani zimene mwataya". Ine masamu amenewa sindiwakonda. Amaganiza ngati chosowa chimene kandalamako kankakwaniritsa chingathe kungozimiririka. Bambo uja sakanasiya intaneti, amaifuna pantchito ndi pocheza ndi abale. Choncho kudontha kwake sikunali 77. Kunali kusiyana kwa 77 ndi mtengo wa njira ina yopezera chinthu chomwecho. Bandulo ya mwezi wathunthu yomukwanira inali 50, ndiye kudontha kwenikweni kunali 27. Potapa ndalama, akanatapa zambiri maulendo ochepa akanadulidwabe pafupifupi 12 pamwezi, chifukwa yodulidwa imakwera ndalama ikakula, ngakhale siikwera mofanana. Kudontha kunali 18. Za galimoto tinagwirizana kuti masiku ena adzachedwabe, ndi munthu, choncho tinawerengera theka, 32. Pulogalamu ija yokha ndi imene inali yotayika yonse, 9. Zonse pamodzi 86 pamwezi. Akanaphatikiza manambala osachotsera aja akanapeza 180, akanadzilonjeza kusunga 180, akanalephera, ndipo manyazi akanabwerera ndi mphamvu kuposa kale.

Nanga 24 ya Loweruka ija? Ndinamufunsa funso limene ndikufuna mudzifunse pa gulu lililonse: mukanadziwiratu kumayambiriro kwa mwezi kuti chinthu ichi chidya ndalama yakutiyakuti, mukanavomera? Pa kucheza ndi anzake, kumene kumakwana pafupifupi 52 pamwezi, anaganiza pang'ono n'kunena kuti inde, ndi nthawi yokhayo imene amapuma. Ndiye si kudontha kumeneko. Ndi chinthu chimene wagula akudziwa, ndipo chikumupatsa chimene walipirira. Kudontha ndi ndalama imene imachoka inu osasankha, kapena imene mukaiona yonse pamodzi mumati "zimenezi sindinagwirizane nazo". Kanthu kangathe kukhala kosafunika pa moyo koma osakhala kudontha, ndipo kanthu kofunika zedi, monga intaneti ya bambo uja, kangathe kudontha chifukwa cha kagulidwe kake. Mukasakaniza ziwirizi mudzayamba kudula tinthu timene timakusangalatsani, n'kusiya mabowo enieni ali chitsegukire. Amayi ambiri amene ndakumana nawo amayamba kudula kanthu kawo kokha, ka iwo eni, ngakhale kali kochepetsetsa pa tsamba lonse. Musafulumire kutero musanaone manambala.

Mawu aja a m'mbali ndi amene amasonyeza pokonzera. "Ndachedwa" kasanu sikukunena za kukonda galimoto, kukunena za m'mawa. Bambo uja anapeza kuti amachedwa masiku amene sanasite zovala usiku. Chimene chinatseka bowolo ndi kusita Lamlungu madzulo, osati kulumbira kuti sadzakweranso. Mukaona kuti mizere yambiri ili ndi "podikira" kapena "ndatopa", funso lisakhale lakuti bwanji ndilibe mwambo, likhale lakuti chimachitika n'chiyani mphindi khumi ndisanagule. Ndipo musatseke mabowo onse tsiku limodzi. Yambani ndi amene amatsekeka kamodzi n'kukhala otsekeka, monga kuletsa pulogalamu yodzilipira yokha, chifukwa safuna kudziletsa tsiku ndi tsiku. Kenako limodzi lokha mwa ofuna kusintha chizolowezi.

Kukonzako nako kuyezedwe, chifukwa nthawi zina kumabweza. Bandulo ya mwezi imakhala yotsika mtengo pokhapokha itafikadi kumapeto kwa mwezi. Munthu amene ankadziletsa chifukwa bandulo ya tsiku inali yochepa, akaona yambiri amayamba kuonera mavidiyo, ya mwezi n'kutha pa tsiku la 20, n'kuyambanso kugula za tsiku pamwamba pake. Kutapa ndalama zambiri kamodzi nakonso kumachepetsa zodulidwa, koma ndalama yokhala m'thumba imayenda msanga. Mudziwa bwanji kuti zabweza? Mwa kuwerenganso zotsala pakatha masiku ena 14. Ngati gulu limene munakonza latsika koma zonse zotuluka sizinatsike, madzi angopeza bowo lina, ndipo kawirikawiri mzere wa zosadziwika ndi umene umakhala utakula.

Pali malire a njira imeneyi amene ndiyenera kukuuzani poyera. Bambo uja ankaperewera 150, koma mabowo onse anakwana 86. Ina 64 inali kuti? Siinali m'tinthu tatsiku ndi tsiku. Titayang'ana masitetimenti a miyezi 6 yapitayo tinaona kuti mwezi uliwonse unali ndi chinthu chimene ankachitcha "cha mwezi uno wokha": foni yawonongeka, mwana wadwala, mphatso ya mnzake, nsapato zatha. Chilichonse chinalidi chachilendo, koma kubwera kwa chinthu chachilendo kunali kwa mwezi ndi mwezi. Abigail Sussman ndi Adam Alter anasonyeza mu kafukufuku wawo wa 2012 kuti anthu amayerekeza bwino ndithu ndalama za zinthu zanthawi zonse, koma amachepetsa za zinthu zapadera, chifukwa chilichonse amachiona pachokha osachiika m'gulu limodzi ndi zinzake. Kope la masiku 14 silingagwire zimenezi. Zimafuna kuyang'ana m'mbuyo miyezi ingapo, kuphatikiza zapadera zonse, n'kugawa ndi chiwerengero cha miyeziyo kuti mupeze zoyenera kupatula mwezi uliwonse.

Mwinanso mudzapeza china, chimene ndachionapo kambirimbiri. Mudzalemba mokhulupirika, zosadziwika zidzakhala zochepa, mabowo onse adzakwana mwina 3 kapena 4 pa 100 ya malipiro anu, pamene kuperewera kwanu kuli 20 pa 100. Zikatero musapitirize kufinya tinthu ting'onoting'ono. Manambala akukuuzani kuti nkhani ili pa zikuluzikulu, lendi, ngongole ndi chiwongoladzanja chake, sukulu ya ana, kapena kuti malipirowo ndi ochepa poyerekeza ndi banja limene akulisenza. Imeneyo ndi nkhani ina, yofuna njira zina, koma mudzakhala mutadziwa kuti si kusasamala kumene mukudziimba nako mlandu.

Chinthu chimodzi chotsiriza pa tsiku lachisanu lija, chifukwa lidzabweranso. Mukadzazindikira kuti mwadumpha masiku awiri osalemba, musayambirenso pa tsamba latsopano, ndipo musayese kupeka manambala kuti mudzaze mpatawo. Lembani kuti "Lachitatu ndi Lachinayi sindinalembe", tengani zimene mameseji a mufoni angakukumbutseni, mupitirize ndi Lachisanu. Zimene zasowazo zidzaonekera zokha mu mzere wa zosadziwika pa tsiku la 14, ndipo popeza mwalemba masiku amene munadumpha, mudzadziwa chifukwa chake mzerewo wakula. Ngati mumagwiritsa ntchito chikwama chimodzi ndi bambo a kunyumba, auzeni musanayambe kuti mukuyeza kwa masabata awiri ndipo palibe amene adzafunsidwe chifukwa chimene anagulira kanthu; apo ayi, zimene iwo atapa zidzagwera mu zosadziwika, inu n'kumadzitenga kuti ndinu woiwala.